Kuyesa kulondola kwa mapu ndi RMSE pogwiritsa ntchito malo oyesera

Mapu amanenedwa kuti ndi olondola ngati chinthu chojambulidwa pa mapuwo chili pomwe chinthucho chili pansi, ndipo njira yodalirika yodziwira zimenezi ndi kupita kumaloko ndi chipangizo cholondola kuposa mapuwo, kukayeza zinthu zingapo zodziwika bwino, kenako n'kuyerekeza manambala awiriwo. RMSE ndi nambala imodzi imene imasonkhanitsa kusiyana konse kumene mwapeza. Kuiwerengera n'kosavuta, ndipo aliyense wodziwa kugwiritsa ntchito Excel angaipeze m'mphindi zochepa. Ntchito yeniyeni ili pa kusankha malo oyesera ndi pa kuwerenga zimene nambalayo yabisa, choncho malangizo ano akhalitsa pa mbali ziwirizo.

Chitsanzo chimene titsatire ndi cha mapu opangidwa kuchokera ku zithunzi za droni, a kadera kotalika makilomita 4 m'litali ndi makilomita 3 m'lifupi, amene mwini ntchito analamula kuti RMSE yake isapitirire mamita 0.20. Manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongokonza kuti masamu aoneke bwino, si zotsatira za ntchito inayake.

Yambani ndi datamu, musanapite kumunda

Musanayeze kalikonse, onani kuti mapu ndi chipangizo chanu zikugwiritsa ntchito datamu imodzi, kutanthauza maziko amene makodineti amawerengedwera, komanso dongosolo limodzi la makodineti. Kuno ku Malawi nkhani imeneyi ndi yaikulu, chifukwa mapu akale a sikelo ya 1:50,000 anajambulidwa pa datamu ya Arc 1950, pomwe zipangizo za GPS zimapereka makodineti pa WGS 84 ngati simunazisinthe. Dziko lonse lili mu zoni 36 ya dongosolo la makodineti la UTM, kum'mwera kwa ikweta, ndiye manambala a madongosolo awiriwa amaoneka ofanana kwambiri moti munthu sangakayikire, koma malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita pafupifupi 300, makamaka pa nambala ya kumpoto. Mu pulogalamu ya mapu ya QGIS, dongosolo la Arc 1950 la zoni imeneyi ndi EPSG:20936, ndipo la WGS 84 ndi EPSG:32736. Mukapeza kuti malo onse oyesera asuntha ndi mamita mazana kulowera mbali imodzi, musathamangire kunena kuti mapu ndi oipa. Bwererani ku datamu.

Onetsetsaninso kuti makodineti ali m'mamita osati m'madigiri, popeza digiri imodzi ya kum'mawa ndi digiri imodzi ya kumpoto sizikhala ndi mtunda wofanana pansi, ndipo RMSE yowerengedwa m'madigiri siiuza munthu chilichonse chogwirika.

Kusankha malo oyesera

Lamulo loyamba, lomwe limaswedwa kawirikawiri, ndi lakuti malo oyesera asakhale amene anagwiritsidwa ntchito pomanga mapu. Popanga mapu a droni, kapena pokhazika mapu a pepala pa makodineti, pamakhala malo omangira amene pulogalamu imakokerako chithunzi kuti chikhale pamalo pake. Pulogalamuyo imachita zonse zotheka kuti kusiyana pa malo amenewo kuchepe, kotero kuti RMSE imene imaonetsa ikamaliza imangonena mmene chithunzi chagwirizanirana ndi malo omangirawo. Umboni wake ndi wosavuta kuupeza: mu Georeferencer, chida cha QGIS chokhazikira chithunzi pa makodineti, ikani malo omangira atatu okha n'kusankha Polynomial 1, ndipo kusiyana kudzakhala ziro ngakhale mutaika amodzi mwa malowo pa nyumba yolakwika, chifukwa malo atatu ndi okwanira ndendende kuthetsa masamu a kusinthako popanda chotsala. Ziro ameneyo sakutanthauza kuti mapu ndi angwiro. Malo oyesera ayenera kusungidwa padera, ndipo ngati mapu akupangidwa ndi munthu wina, ndi bwino kuti makodineti ake asawaone mpaka atapereka ntchito.

Lamulo lachiwiri ndi lakuti malowo akhale oti mungaloze pa mapu ndi pansi popanda kukayika. Ngodya ya simenti ya pa mjigo ndi yabwino, chimodzimodzi ngodya ya khoma la kalavati, mphambano ya mizere yopentedwa pa msewu wa tala, kapena chizindikiro cha mtanda chimene munapenta ndi laimu droni isanauluke. Mtengo wa mango si wabwino, chifukwa pa chithunzi mumaona masamba pomwe pansi mumayeza thunthu. Mphambano ya njira zafumbi nayonso ndi yosadalirika, popeza pakati pake pamadalira diso la woyang'ana ndipo m'mbali mwake mumasintha ikadutsa nyengo ya mvula. Chimene chimanyenga anthu ambiri ndi ngodya ya denga la malata. Imaoneka yakuthwa bwino pa chithunzi, koma pa mapu ambiri a zithunzi zinthu zazitali zimapendekera kunja kuchokera pakati pa chithunzi, ndipo dengalo limakhalanso lotulukira kunja kwa khoma, moti woyeza ataima pa ngodya ya khoma amakhala akuyeza chinthu china. Sankhani zinthu zimene zili pansi penipeni.

Za chiwerengero ndi kufalikira kwa malowa, muyezo wodziwika kwambiri ndi NSSDA, umene komiti ya boma la Amereka yotchedwa FGDC inatulutsa mu 1998. Muyezowu umafuna malo oyesera osachepera 20, ndipo umalangiza kuti deralo likagawidwa panayi, chigawo chilichonse chikhale ndi malo osachepera 20 pa 100 alionse, komanso kuti malo atalikirane ndi mtunda wosachepera gawo limodzi mwa magawo khumi a mzere wochokera ku ngodya imodzi ya dera kukafika ku ngodya ya tsidya lina. Pa dera lathu la makilomita 4 ndi 3, mzere umenewo ndi wa makilomita 5, ndiye malo atalikirane ndi mamita 500 kapena kuposerapo, ndipo chigawo chilichonse chikhale ndi malo osachepera anayi. Bungwe la ku Amereka la akatswiri a mapu a zithunzi lotchedwa ASPRS, mu muyezo wake wa 2023, linakweza chiwerengerochi kufika pa 30. Woyeza wotopa amakonda kutola malo onse m'mbali mwa msewu waukulu pomwe galimoto imafika, koma mapu amalakwika kwambiri m'mphepete mwa dera, kunja kwa malo omangira, ndi pamalo otsetsereka. Malo ena ayenera kukhala kumeneko, ngakhale kutakhala koyenda pansi.

Kuyeza kumunda

Chipangizo choyezera chiyenera kukhala cholondola kuposa mapu amene akuyesedwa. Kwa nthawi yaitali anthu akhala akutsata lamulo lakuti chikhale cholondola katatu, ndipo muyezo wa ASPRS wa 2023 unafewetsa n'kunena kawiri. Pa mapu athu a masentimita 20, pakufunika chipangizo choyezera ndi masetilaiti, GNSS ya mtundu wa RTK, cholondola mpaka masentimita ochepa. GPS ya m'manja kapena ya pa foni, imene imalakwitsa ndi mamita angapo, singayese mapu otere, chifukwa kusiyana konse kumene mungapeze kudzakhala kwa chipangizocho. Ingathandize pa mapu a 1:50,000, pomwe theka la milimita pa pepala ndi mamita 25 pansi.

Pali msampha wina umene suoneka m'masamu. RTK imayeza malo potengera chipangizo chachiwiri chokhazikika pamalo odziwika, ndipo ngati makodineti a pamalo pamenepo ali olakwika ndi theka la mita, malo onse oyezedwa tsiku limenelo amasuntha ndi theka la mita lomwelo. Ngati malo omangira ndi malo oyesera anayezedwa kuchokera pa chokhazikika chimodzi cholakwikacho, RMSE idzatuluka yaing'ono yosangalatsa pomwe mapu onse ali pambali. Njira yotetezera ndi kukayezanso bikoni ya boma ya makodineti odziwika, kapena kuyeza malo oyesera tsiku lina kuchokera pa chokhazikika china. Pamalo paliponse jambulani chithunzi choonetsa nsonga ya ndodo ili pa ngodya yomwe mwasankha, ndipo lembani kuti ndi ngodya iti, mwachitsanzo ya kumpoto chakum'mawa, chifukwa mjigo uli ndi ngodya zingapo ndipo wowerenga pa kompyuta adzafuna kudziwa.

Kuwerenga pa mapu ndi kuwerengera

Powerenga makodineti pa mapu, bisani malo oyezedwa kumunda kuti asaoneke pa sikirini. Munthu akamaona kadontho ka GNSS pafupi ndi ngodya, dzanja limakokera komweko mosadziwa, ndipo kusiyana kumachepa mwabodza. Gwiritsani ntchito zithunzi ndi zolemba za kumunda kupeza ngodyayo, kulitsani chithunzi mpaka mapikiselo aoneke, ndiye dinani.

Pa malo alionse, chotsani nambala ya kumunda ku nambala ya pa mapu, padera ya kum'mawa ndi padera ya kumpoto, ndipo sungani chizindikiro cha kuphatikiza kapena kuchotsa, chifukwa chidzafunika patsogolo. Nawa malo asanu oyamba mwa malo 20 a chitsanzo chathu, m'mamita, pomwe dE ndi kusiyana kwa kum'mawa ndipo dN ndi kwa kumpoto:

```
      dE      dN      dE^2     dN^2
P1   +0.12   -0.05    0.0144   0.0025
P2   +0.20   +0.10    0.0400   0.0100
P3   +0.05   -0.12    0.0025   0.0144
P4   +0.18   +0.03    0.0324   0.0009
P5   +0.10   -0.08    0.0100   0.0064
```

Nambala iliyonse ya kusiyana imachulukitsidwa ndi iyo yomwe kuti zolakwika za kum'mawa ndi za kumadzulo zisafafanizane pophatikiza. Zotsatirazo zimaphatikizidwa, n'kugawidwa ndi chiwerengero cha malo, kenako n'kutenga sikweya ruti kuti yankho libwerere m'mamita.

```
RMSEx = sqrt( sum(dE^2) / n )
RMSEy = sqrt( sum(dN^2) / n )
RMSEr = sqrt( RMSEx^2 + RMSEy^2 )
```

Tinene kuti pa malo onse 20, zophatikiza za kum'mawa zakwana 0.450 ndipo za kumpoto zakwana 0.200. Kugawa 0.450 ndi 20 kukupereka 0.0225, ndipo sikweya ruti yake ndi 0.15, kutanthauza kuti RMSEx ndi masentimita 15. Kugawa 0.200 ndi 20 kukupereka 0.0100, ndiye RMSEy ndi masentimita 10. Kuphatikiza 0.0225 ndi 0.0100 kukupereka 0.0325, ndipo sikweya ruti yake ndi 0.18. Mapu athu ali ndi RMSEr, yophatikiza mbali ziwirizo, ya mamita 0.18, yomwe ili pansi pa 0.20 imene mwini ntchito anafuna. Mu Excel kapena LibreOffice Calc, ngati dE ili mu F2 mpaka F21, mzere woyamba pansipa ukupereka RMSEx, wachiwiri ukupereka avereji ya kusiyana, ndipo wachitatu ukupereka kumwazikana kwake, zimene tizigwiritsa ntchito posachedwa.

```
=SQRT(SUMSQ(F2:F21)/COUNT(F2:F21))
=AVERAGE(F2:F21)
=STDEVP(F2:F21)
```

RMSE si malire a kulakwa. Malo ena amakhala ndi kusiyana koposa RMSE, ndipo n'chifukwa chake NSSDA imasandutsa nambalayi kukhala mtunda umene malo 95 pa 100 alionse sayembekezeka kuupitirira. Ngati RMSEx ndi RMSEy zili zofanana, mumachulukitsa RMSEr ndi 1.7308. Ngati zikusiyana, koma yaing'ono ikagawidwa ndi yaikulu ikupereka 0.6 kapena kuposerapo, mumatenga avereji ya ziwirizo n'kuchulukitsa ndi 2.4477. Pa chitsanzo chathu 0.10 kugawa ndi 0.15 ndi 0.67, avereji yake ndi 0.125, ndipo yankho ndi mamita 0.31. Pa kutalika kwa malo kuchokera pa nyanja, nambala yochulukitsira RMSE ndi 1.96. Muyezo wa ASPRS wa 2023 unasiya kugwiritsa ntchito 95 pa 100 ndipo umangonena RMSE yokha, choncho polemba pangano la ntchito nenani momveka kuti mukutanthauza iti, popeza 0.18 ndi 0.31 ndi manambala a mapu amodzi omwewo.

Zimene RMSE yabisa

Anthu ambiri amalekera pamenepa, mapu atapambana, koma yang'ananinso tebulo lija. Malo asanu onse ali ndi chizindikiro cha kuphatikiza pa dE, pomwe pa dN zizindikiro zasakanikirana. Kulakwa kwa mwangozi kumamwazika mbali zonse. Kukalowera mbali imodzi, pali china chake chimene chakankha mapu onse. Kuti mudziwe kukula kwake, tengani avereji ya kusiyana ndi zizindikiro zake. Tinene kuti dE ya malo 20 ikaphatikizidwa ikupereka +2.40, ndiye avereji ndi +0.12, pomwe dN ikupereka -0.20, avereji -0.01. Kumpoto kulibe vuto, koma mapu onse asunthira kum'mawa ndi masentimita 12.

RMSE imapangidwa ndi zinthu ziwiri, kusuntha kwa mapu onse ndi kumwazikana kwa malo mozungulira kusunthako, ndipo masikweya a ziwirizi akaphatikizidwa amapereka sikweya ya RMSE. Apa 0.12 kuchulukitsa ndi 0.12 ndi 0.0144, ndipo kuichotsa ku 0.0225 kukutsala 0.0081, yomwe sikweya ruti yake ndi 0.09. Ndiye kuti mwa masentimita 15 a RMSEx, kumwazikana kwenikweni ndi masentimita 9 okha, ndipo gawo lalikulu likuchokera ku kusuntha kumene kungakonzedwe. Kodi 0.12 ingakhale yamwayi chabe? Kugawa 0.09 ndi sikweya ruti ya 20 kukupereka pafupifupi 0.02, womwe ndi mlingo wa mmene avereji ingasinthire mwangozi, ndipo 0.12 ndi yoposa mlingowo kasanu ndi kamodzi. Si mwayi umenewo. ASPRS imalangiza kuti avereji ya kusiyana ikhale pansi pa kota ya RMSE imene inalamulidwa, yomwe pa ntchito yathu ndi masentimita 5, kotero kuti mapuwa, ngakhale apambana pa RMSE, ali ndi funso loti liyankhidwe.

Kusuntha kumeneku kumawononganso nambala ya 0.31 ija, chifukwa 1.7308 ndi 2.4477 zinawerengedwa poganiza kuti kusuntha kwa mbali imodzi kunachotsedwa kale ndipo zotsala zamwazikana mwachibadwa mozungulira ziro. Pomwe avereji ili kutali ndi ziro, nambala ya 95 pa 100 imakhala yongoyerekeza, ndipo lipoti liyenera kunena choncho.

Kuti muone mtundu wa vutolo, jambulani mivi pa mapu, muvi uliwonse uchokere pamalo oyezedwa kumunda kuloza kumene mapu aika chinthucho, mutaukulitsa kambirimbiri kuti uoneke. Mivi yonse ikaloza mbali imodzi ndi utali wofanana, mapu angosuntha, ndipo choyamba kufufuza ndi makodineti a chipangizo chokhazikika ndi mmene datamu inasinthidwira. Mivi ikazungulira pakati pa dera, mapu apotoloka pang'ono. Ikaloza kunja kapena mkati n'kumatalika mukamatalikira pakati, sikelo ndi yolakwika, zimene zimachitika pa mapu a pepala amene anafutukuka kapena kukhwinyata asanajambulidwe ndi sikana. Ikakhala yaifupi pakati koma yaitali kungodya imodzi yokha, kumeneko kunalibe malo omangira okwanira. Mavuto anayi onsewa angapereke RMSE yofanana, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Malo amodzi olakwika kwambiri

Chifukwa chakuti kusiyana kumachulukitsidwa ndi iko komwe, malo amodzi oipa amakoka RMSE mwamphamvu. Tinene kuti munayeza malo enanso, a nambala 21, ndipo dE yake yatuluka mita imodzi yathunthu. Zophatikiza zikukwera kuchoka pa 0.450 kufika pa 1.450, kugawa ndi 21 kukupereka 0.069, ndipo RMSEx ikudumpha kuchoka pa 0.15 kufika pa 0.26. Mapu amene anapambana tsopano alephera chifukwa cha malo amodzi.

Chiyeso chimakhala chofuna kungowafufuta malowo, ndipo apa m'pamene lipoti la kulondola limasandukira bodza. Kusiyana koposa katatu RMSE yolamulidwa kumayenera kufufuzidwa, osati kutayidwa. Tsegulani chithunzi cha kumunda muone ngati ngodya yodinidwa ndi yomwe inayezedwa, onani ngati manambala sanalembedwe mosinthanitsa, onani ngati RTK inali pa FIX, posonyeza kuti muyezo wakhazikika, osati FLOAT panthawi yoyeza, ndipo funsani ngati khoma la kalavatilo silinamangidwenso pakati pa tsiku louluka ndi tsiku loyeza. Mukapeza chifukwa chomveka chosonyeza kuti vuto linali m'kayezedwe, konzani kapena chotsani malowo, n'kulemba chifukwacho mu lipoti. Mukapanda kupeza chifukwa, malowo akuonetsa kulakwa kwenikweni kwa mapu ndipo ayenera kukhalabe m'masamu, ndipo ndi nzeru kubwerera kukayeza malo ena awiri kapena atatu moyandikana nawo kuti mudziwe kukula kwa chigawo cholakwikacho.

Kulemba lipoti

Lipoti litchule dongosolo la makodineti ndi datamu, chiwerengero cha malo ndi mapu oonetsa kufalikira kwake, chipangizo ndi kulondola kwake, masiku ouluka ndi oyeza, tebulo lonse la kusiyana, avereji ya dE ndi ya dN, RMSEx, RMSEy ndi RMSEr, komanso malo alionse amene anachotsedwa ndi chifukwa chake. Linenenso mtundu wa zinthu zimene zinayesedwa, chifukwa RMSE yochokera pa ngodya za simenti zooneka bwino siikunena za malire a munda obisika pansi pa mitengo, ndipo siikunena za dera limene munalibe malo oyesera.

Pa mapu a chitsanzo chathu, wopanga angafune kungosuntha chithunzi chonse masentimita 12 kulowera kumadzulo n'kulengeza kuti RMSEr yatsika kufika pa 0.13. Masamuwo ndi oona, popeza 0.0081 kuphatikiza 0.0100 ndi 0.0181 ndipo sikweya ruti yake ili pafupi ndi 0.13, koma akatero malo 20 aja amakhala agwira ntchito yokonza mapu, ndipo asanduka malo omangira. Njira yoyenera ndi kupeza kaye gwero la kusunthako, kudziwa ngati olakwa ndi mapu kapena ndi malo oyesera poyeza bikoni yodziwika, kukonza mapu kuchokera ku gwerolo, kenako kuyesanso. Ngati palibe njira ina koma kusuntha mapu potengera avereji ya malo oyesera, pamafunika malo ena atsopano amene sanakhudzidwe ndi kukonzako, ndipo RMSE yolembedwa mu lipoti ichokere pa malo atsopanowo.